Ulendo wa atsibweni wokafunsa chimene chinaimitsa penshoni yawo

Atsibweni anga, aMbewe, anagwira ntchito ya boma yolondera nkhalango kwa zaka zoposa 30, zambiri mwa zakazo ku Chongoni, ndipo anapuma mu 2009 atakwanitsa zaka 60. Kuchokera pamenepo ankalandira penshoni mwezi ndi mwezi kudzera ku banki ina pa boma pa Dedza. Pa nthawi imene ndikunenayi inali K62,000. Ndi yochepa, koma kumudzi kwathu kuseri kwa Bembeke ndiyo inkagula sopo, mchere, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo yotsala ankaisunga pang'onopang'ono kuti ikafika Okutobala agule feteleza. Miyendo itayamba kuvuta, khadi la ku banki analipereka kwa mdzukulu wawo, mnyamata amene amakhala nawo, kuti azikatapa ndalamazo kwa ejenti pa Bembeke.

Ndalama yomaliza inalowa mu Epulo. Mu Meyi mnyamata uja anabwera chimanjamanja, nati ejenti wanena kuti mu akaunti mulibe kanthu. Atsibweni sanadandaule, poti penshoni kuchedwa si zachilendo. Mu Juni zinali chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene pakhomo panayamba manong'onong'o. Ena ankati mnyamatayo wayamba kudya ndalama za agogo ake, si uja wagula nsapato zatsopano. Mnyamatayo anasiya kudyera pakhomo. Atsibweni sanamunene, komanso sanamuikire kumbuyo, chifukwa nawonso mumtima sankadziwa choona.

Pali chinthu chimodzi chimene chikanathandiza pa nthawi imeneyo, ndipo sichifuna ndalama. Penshoni ikapanda kulowa, funsani anzanu amene mumalandira nawo limodzi. Ngati nonse simunalandire, ndiye kuti yangochedwa, dikirani. Koma ngati mphunzitsi wopuma wa mudzi woyandikana nanu walandira, ndi msilikali wopuma uja walandiranso, inu nokha ayi, ndiye kuti dzina lanu laimitsidwa penapake, ndipo ngakhale mutadikira chaka chathunthu sizidzakonzeka zokha. Atsibweni anadzamva mu Julayi pamaliro kuti anzawo akhala akulandira miyezi yonseyi.

Sanauze munthu. Anadzuka tambala woyamba atangolira, navala jekete lawo lakuntchito lija ndi chipewa cha ubweya, natenga ndodo ndi jumbo ya mapepala, nauyamba wapansi. Ndalama ya kabaza analibe, ndipo kukongola anachita nako manyazi, poti anali kale ndi ngongole pa golosale. Amene mumadziwa chisanu cha ku Bembeke mwezi wa Julayi mukhoza kuona nokha: nkhungu ili tolo, mame akunyowetsa buluku mpaka m'mawondo, munthu wa zaka zopitirira 70 akudutsa m'minda ya kachewere kuti akatulukire pa msewu wa M1. Kuchokera kwathu kukafika pa boma ndi makilomita oposa 10. Anandiuza pambuyo pake kuti anapuma kangapo m'mbali mwa msewu, ndipo mayi wina wogulitsa mbatata yootcha anawapatsa imodzi osawalipiritsa. Anafika pa banki dzuwa litapendeka, naima pamzere.

Atafika pa windo, mtsikana wa pamenepo anayang'ana pa kompyuta nati, "Agogo, muli K1,300 yokha muno."

"Nanga ndalama zanga zili kuti, mayi?"

"Sizinabwere, agogo. Ife timangolandira zimene atitumizira. Chifukwa chake mukafunse kumene zimachokera."

Mawu amenewa anawapweteka kwambiri, ndipo kwa ine anafika madzulo akunjenjemera, mapazi atatupa, milomo itauma. Ine ndimakhala pa boma pomwepo, ndimasoka zovala pafupi ndi msika. Nditawaona pakhomo ndinathamanga kukawalandira jumbo ija, nawo anangoti, "Naphiri, ndayenda ulendo wachabe. Akuti sakudziwa." Ndinawawiritsira madzi oviikamo mapazi, ndipo misozi inandilengeza, chifukwa bambo ameneyu ndiye anandilipirira sukulu bambo anga atamwalira.

Komatu mtsikana uja sananame. Banki ili ngati mpopi: madzi amatulukira pamenepo koma sachokera pamenepo, ndipo mpopi ukauma sungakuuze ngati paipi yaphulika kapena thanki yatsekedwa. Chimene banki ingakupatseni, ndipo ndi chamtengo wapatali, ndi sitetimenti, pepala loonetsa ndalama zonse zolowa ndi zotuluka mu akaunti. Atsibweni anafunsa kuti mu akaunti muli zingati, ndipo anawayankha zomwezo. Chofunika kupempha ndi sitetimenti ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, yosindikizidwa papepala, yodindidwa chidindo cha banki. Sapempha pa windo lotapira ndalama koma pa tebulo lothandizira makasitomala, ndipo mwini akaunti ayenera kukhalapo yekha ndi chiphaso chake cha unzika. Amadula kandalama pang'ono. M'mawa mwake tinapita limodzi ndipo tinaitenga.

Pepala limeneli limalankhula, bola kuliwerenga modekha, mzere ndi mzere, kuyang'ana mbali ya ndalama zolowa ndi mbali ya zotuluka. Ngati penshoni ikuoneka kuti inalowa kenako n'kutuluka, funso likhala loti inatuluka bwanji. Ikhoza kukhala kuti wina anatapa ndi khadi, ndipo tsiku ndi malo zimalembedwa pomwepo. Ikhozanso kukhala ngongole imene munatenga kapena kusainira mnzanu, ikudulidwa ndalama zikangolowa. Nthawi zina ndalama zimakhalamo ndithu koma akaunti yamangidwa chifukwa banki ikufuna mukaonetsenso chiphaso ndi kulembetsanso kumene mukukhala. Zonsezi zimathera pa banki pomwepo. Koma ngati mbali ya zolowa ili mbee, ndiye kuti ndalama sizinatumizidwe, kapena zinatumizidwa ku nambala ya akaunti yolakwika n'kubwerera. Pamenepo funsani funso limodzi lokha musanachoke: kodi akauntiyi ili bwinobwino, yoti ndalama zikhoza kulowa? Akati inde, ntchito yanu pa banki yatha, musabwerenso kudzaima pamzere.

Ya atsibweni inaonetsa K62,000 yolowa mwezi uliwonse mpaka Epulo, ndi kutapa kwa mdzukulu uja tsiku lotsatira, ndalama yofanana ndi imene ankabweretsa kunyumba. Kuyambira Meyi munalibe cholowa chilichonse, munali tindalama tochepa tokha timene banki imadula mwezi ndi mwezi. Atsibweni anandiuza kuti ndiwawerengerenso kachiwiri. Kenako anati, "Mwana uja tamulakwira." Madzulo omwewo ndinaimbira foni achemwali awo, amene ndi mayi anga, kuti auze onse pakhomo kuti pepala la banki lamuyeretsa mnyamatayo. Ndimaona kuti pa zonse zimene tinachita, ichi ndicho chinali chofulumira kuposa ndalama zenizenizo, chifukwa mlandu wa kuba ukakhazikika pa mwana wa m'banja suchoka msanga.

Tili ndi sitetimenti m'manja tinapita ku maofesi a boma pa Dedza pomwepo, n'kufunsa amene amaona nkhani za anthu opuma pa ntchito. Bambo amene tinawapeza anatilandira bwino, anawapatsa atsibweni mpando, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Kodi madala, kalembera uja munabwera?" Atsibweni anadabwa, nafunsa kuti kalembera wake uti.

Nkhani yake ili motere. Boma likamalipira penshoni silidziwa lokha kuti munthu wamwalira. Achibale ena sanena, amangopitiriza kutapa ndi khadi la malemu kwa zaka. Pofuna kutseka mpata umenewu, nthawi ndi nthawi limaitana onse olandira penshoni kuti akaonekere pamaso ndi ziphaso zawo, kutsimikiza kuti ali moyo. Uthenga umalengezedwa pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani za m'maofesi. Amene sanaonekere amachotsedwa kaye pa mndandanda wa olipidwa mpaka atabwera. Kunyumba kwathu sikunafike kalata iliyonse, ndipo ifika bwanji poti keyala imene ili mu fayilo yawo ndi ya kuntchito kumene anachoka mu 2009. Nthawi imene anzawo ankaonekera, atsibweni anali chigonere kwa mwana wawo wamkazi ku Mtakataka, kumene anakhala dzinja lonse akudwala chibayo. Atabwerera kumudzi palibe anaganiza zowauza, aliyense ankayesa kuti akudziwa.

Tinaganiza kuti basi, poti munthu ndi uyu ali moyo, angomulemba. Koma bambo aja atafananitsa chiphaso cha unzika ndi kalata yopumira pa ntchito, anapukusa mutu. Maina sanali ofanana. Pa kalata ya ntchito panali dzina laubatizo ndi dzina la bambo awo, monga analembetsera kusukulu ya mishoni kalekale. Pa chiphaso, chimene anajambulitsa pa kalembera wa dziko lonse wa NRB mu 2017, panali dzina laubatizo lomwelo ndi la mfunda, Mbewe, poti ndilo limene aliyense amawaitanira. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa wogwira ntchito amene sanawaonepo, ndipo ntchito yake ndi kugwira anthu olandira m'dzina la akufa, amenewa ndi anthu awiri. Vuto ili ndi la anthu ambiri a msinkhu wawo. Ena analemba mayeso a Sitandade 8 kachiwiri ndi dzina la mbale wawo n'kulowa nalo ntchito. Amayi ambiri analembedwa ntchito ndi dzina la kwawo koma chiphaso chili ndi la amuna awo. Ena ndi chaka chobadwa chimene chimasiyana, poti makolo ankangoti unabadwa njala ya 1949 itangotha. Ngati muli ndi kholo lolandira penshoni, tengani mapepala awiriwa lero lomwe, muwaike pamodzi, muone ngati chilembo chilichonse chikugwirizana, kuphatikizapo dzina limene lili ku banki.

Kuti titsimikize kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi, anatiuza zoti tibweretse. Choyamba inali kalata ya a nyakwawa, yonena kuti munthuyu ndi wa m'mudzi mwawo, ali moyo, ndipo amadziwika ndi maina onse awiri, yodindidwa chidindo chawo kenako cha a gulupu. Imeneyi anakatenga ndi mdzukulu uja pa njinga, atsibweni atatsala kwa ine kuti mapazi aphwe. Chachiwiri inali kalata yolumbira, imene munthu amalumbira yekha pamaso pa majisitireti kapena loya, kunena kuti dzina ili ndi ili ndi langa ndemwe, ndi kufotokoza mmene kusiyanako kunabwerera. Ife tinakalumbira ku khoti pa boma pomwepo. Ndi makalata awiriwa, a ku ofesi ya DC anatilembera kalata yotiperekeza. Tinaonjezapo kalata ya kuchipatala yoonetsa masiku amene anagonekedwa, kuti chifukwa cholepherera kuonekera chisakhale cha pakamwa chabe.

M'jumbo ya atsibweni ija ndi mmene munatuluka chuma chenicheni. Anasunga kalata yolembedwera ntchito, yofiirira ndi ukalamba, kalata yopumira, ndi kapepala ka malipiro ka mwezi wawo womaliza. Pa mapepala amenewa pali nambala ya ntchito ndi nambala ya penshoni, ndipo kumaofesi amafufuza munthu ndi nambala, osati ndi dzina. Tinaona pa benchi bambo wina wochokera ku Mayani amene mapepala ake onse anadyedwa ndi chiswe. Iye anayenera kuyambira ku unduna umene ankagwirako ntchito kuti akapeze fayilo yake, ndipo ulendo wake unali wautali kuposa wathu.

Mndandanda wa olipidwa sausintha pa boma. Amausintha ku likulu ku Lilongwe, ndipo anatiuza kuti mwini wake akaonekere yekha. Kuchokera pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85. Tinanyamuka ndi minibasi ya m'mamawa kuti tikafike maofesi akungotsegulidwa, titanyamula mapepala enieni pamodzi ndi mafotokope awiriawiri a pepala lililonse. Usiku wake ndinali nditalemba kalata ya tsamba limodzi m'dzina lawo. Ndinaikamo maina onse awiri, nambala ya ntchito, nambala ya penshoni, nambala ya chiphaso, dzina la banki ndi nambala ya akaunti, mwezi umene analandira komaliza, chifukwa chimene sanaonekere, ndi nambala ya foni yanga poti iwo foni alibe. Kumapeto ndinapempha zinthu ziwiri mosiyanitsa: kuti dzina libwezeretsedwe pa mndandanda, ndiponso kuti alipidwe miyezi yonse imene sanalandire, kuyambira Meyi. Chachiwirichi chilembeni ndithu, musaganize kuti chimangotsatira chokha.

Kumeneko anawayang'ana nkhope, nayang'ana chiphaso, nawafunsa mafunso amene wakuba sangayankhe: munayambira kuti ntchito, munapumira kuti, bwana wanu womaliza anali ndani. Atsibweni anayankha mosadodoma, mpaka kutchula mitengo ya paini imene anadzala nawo. Anawasainitsa fomu. Mapepala enieni tinabwerera nawo, tinasiya mafotokope okha. Ndisanatuluke ndinapempha kuti pa kope yanga ya kalata ija adindepo chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, ndiponso ndinalemba nambala ya chipinda ndi foni ya pa ofesipo. Chidindo chimenecho ndicho umboni wanu wokha wakuti munafikako. Mukamadzaimba foni kapena kubwereranso, simuyamba nkhani pachiyambi, mumangoti kalata yathu munailandira tsiku lakuti.

Anatichenjeza kuti malipiro a mwezi amakonzedwa masabata angapo tsiku lolipira lisanafike, choncho dzina likabwezeretsedwa mndandanda utatsekedwa kale, limadikira mwezi wotsatira. Ogasiti inadutsa, Sepitembala inadutsanso. Miyezi imeneyi ndinkaimba foni kufunsa pamene fayilo yafika, ndipo pabanja tinasonkherana kuti mankhwala a atsibweni asadukize. Munthu wa kuthamanga kwa magazi sayenera kusiya mankhwala chifukwa penshoni yaima, ndipo iwo anali atayamba kale kumwa modumphitsa masiku osanena. Ndinapitanso ku banki kukaikamo K2,000 n'kufunsa ngati akaunti idakali yotsegula, chifukwa akaunti yokhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito amaigoneka, ndipo zikanakhala zomvetsa chisoni kuti ndalama zitumizidwe kenako n'kulephera kutapika.

M'nyengo yomweyi munthu wina anandiimbira foni, akulankhula mwaulemu kwambiri, nati ndi wa ku likulu ndipo ndalama za madala zatuluka, ndingotumiza K20,000 pa foni kuti fayilo isainidwe lero. Kumene anatenga nambala yanga ndi nkhani yathu ndinangoganiza kuti ndi pa mabenchi paja, poti tinkafotokozera aliyense. Ndinadula foni. Pa ulendo wonsewu ndalama zimene tinalipira ndi za sitetimenti, za kalata yolumbira, za mafotokope ndi za mayendedwe. Wina aliyense wopempha ndalama pa foni, kapena nambala yachinsinsi ya khadi, ndi wakuba.

Mu Okutobala K62,000 inalowa. Inali ya mwezi umenewo wokha. Zotsalira zinabwera padera mu Disembala, K248,000, ndipo pakhomo panali chisangalalo moti palibe ankafuna kumva za masamu. Koma miyezi imene sanalandire inali isanu, Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti ndi Sepitembala, ndipo K62,000 kuchulukitsa kasanu ndi K310,000. Panasowa mwezi wathunthu. Atsibweni anati, "Zisiye Naphiri, tingaoneke ngati osayamika." Ine ndinakana mwaulemu, ndinati atsibweni, imeneyi si mphatso, ndi thukuta lanu la ku Chongoni. Tinatenganso sitetimenti ina kuyambira Epulo mpaka Disembala, ndinalemba mzere pansi pa ndalama iliyonse yolowa, n'kulemba kalata yachidule yosonyeza kuwerengerako, ndi kope ya kalata yodindidwa ija pamwamba. Ulendo uno iwo sanafunikire kupita, ndinakapereka ndekha. K62,000 yotsalayo inalowa mu Febuluwale.

Ndalama zinabwera zonse, koma zinabwera nambala yomweyo, popanda chiwongoladzanja, pamene mitengo ya zinthu inali itasuntha. Amene anali kudikira zotsalira zawo mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa bwino zimene ndikunena. Kwa atsibweni, feteleza wokulitsa amene ankagula mu Okutobala anamugula Disembala ili kumapeto, chimanga chitayamba kale kuchita chikasu, ndipo chaka chimenecho nkhokwe sinadzaze. N'chifukwa chake ndimati mwezi woyamba umene anzanu alandira inu osalandira ndiwo woyambira kuyenda, chifukwa mwezi uliwonse wodikira umadzabwezedwa utachepa mphamvu.

Njira imene ndafotokozayi ndi ya amene anapuma pa ntchito ya boma. Amene ankagwira ku kampani, pansi pa lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, lija loti bwana aziika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ndi wantchitoyo 5 peresenti, ndalama zawo zimasungidwa ndi kampani ya penshoni, ndipo ayenera kukafunsa kumeneko. Zikakanika, madandaulo amapita ku Reserve Bank, imene imayang'anira makampani amenewa. Mtukula Pakhomo nayo ndi nkhani ina, yoyendetsedwa ndi a zachisamaliro cha anthu pa khonsolo, ngakhale kumudzi ambiri amazisakaniza. Wa penshoni ya boma amene wapereka zonse koma miyezi ikungopita popanda yankho akhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman, kumene salipiritsa, atanyamula makope odindidwa aja. Palinso bungwe la anthu opuma pa ntchito za boma la PUSEPA, ndipo mamembala ake ndiwo amayamba kumva za kalembera akamabwera.

Panopa mafotokope a mapepala onse a atsibweni ali m'malo atatu, kwa iwo, kwa ine ndi kwa mwana wawo ku Mtakataka, ndipo kalata yolumbira ija timayenda nayo paliponse pofunika chiphaso. Mphunzitsi wopuma wa mudzi woyandikana nawo tinamupempha kuti akamva chilengezo chilichonse chokhudza penshoni aziimbira ine. Bambo aja a pa boma anatilangizanso kuti kalembera akadzapezanso madala ali chigonere, wachibale apite masiku a kalembera omwewo ndi kalata ya kuchipatala ndi kope ya chiphaso, akanene kuti munthuyo ali moyo koma sangayende, n'kufunsa mmene angamuonere, osadikira kuti ayambe wachira.